Shopu yakupatsani pawabanki ndi R600 kuti mujambule vidiyo: lembani zonena zanu motere

Mukangoyamba kukhala ndi okutsatirani ochulukirapo pa TikTok kapena pa Facebook kuno ku Joni, eni mashopu sachedwa kukupezani. Amadziwa kuti mawu a Mmalawi amafika kumene chikwangwani chawo sichifika: ku Mayfair, ku Turffontein, ku Diepsloot, mpaka ku Mangochi ndi ku Mzimba kumene katundu amakathera akakwera basi. Uthenga umabwera pa WhatsApp kuti bwerani mudzatenge pawabanki, tikupatsaninso R600, mujambule vidiyo ya mphindi imodzi. Pansi pake amaikapo mizere ingapo ya zimene akufuna kuti munene.

Kulandira ndalamazo si mlandu, ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse. Vuto limabwera pamene woonera akuganiza kuti akumva maganizo a m'bale wake, pomwe akumva mawu a mwini shopu kudzera pakamwa panu. Vutoli silithetsedwa pojambula kapena podula vidiyo. Limathetsedwa papepala, kamera isanayatsidwe, chifukwa munthu amene akuyankhula za m'mutu kamera ili patsogolo amathamangira kutama, ndipo mawu oyamba kuiwalika ndi aja akuti "andilipira".

Titenge nkhani imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti shopu ina ya m'tauni yakupatsani pawabanki yolembedwa 20000mAh, nambala yosonyeza kukula kwa batire lake, yakulipirani R600, yakupatsaninso khodi yoti ogula akaitchula awachotsereko mtengo, inu n'kumadyapo R20 pa iliyonse yogulidwa. Mizere imene yakutumizirani ndi iyi: imatchaja foni kasanu ndi kamodzi, imatchaja mwachangu kwambiri, ndi yabwino kuposa zonse mu South Africa muno, ndipo imakhala zaka.

Choyamba, lembani zonse zimene mwalandira

Tengani pepala mulembe chilichonse chimene chachoka kwa mwini shopu kubwera kwa inu. Mu nkhani yathuyi ndi zinthu zitatu: ndalama, pawabanki yaulere, ndi komishoni. Ambiri amakumbukira ndalama yokha. Amati popeza sanalandire kalikonse m'manja, angopatsidwa katundu, ndiye kuti palibe choulula. Ayi. Katundu waulere ndi malipiro. Kubwerekedwa katundu kuti mumuyese n'kubweza, nakonso n'kofunika kukunena. Ngati mwini shopuyo ndi mlamu wanu, kapena mumagwirako Loweruka, nazonso zilembeni, chifukwa woonera akadziwa zimenezo amamva mawu anu mosiyana. Muyeso wake ndi umenewo: chilichonse chimene woonera atachidziwa angasinthe mmene akukukhulupirirani, chilowe papepala.

Mukatero, tumizani uthenga kwa mwini shopu musanajambule, kuti mugwirizane zinthu zikadali zozizira. Ungakhale wotere, m'chinenero chimene mumamvana naye:

"Bwana, zikomo chifukwa cha ntchitoyi. Kumayambiriro kwa vidiyo ndidzanena kuti mwandilipira komanso mwandipatsa katunduyu. Ndiyamba ndamuyesa ndekha, ndipo ndidzanena zimene ndapeza, zabwino ndi zoperewera. Ndikutumizirani zonena zanga muone ngati ndalakwitsa mtengo, dzina kapena adiresi. Malipiro ndi a ntchito yojambula, osati a chigamulo changa."

Akavomera, sungani chithunzi cha yankho lakelo. Akakana pa mfundo youlula, ndi bwino mwadziwiratu lero kusiyana n'kudzakangana vidiyo itatha, iye atagwira ndalama yanu.

Chachiwiri, mzere woulula ukhale woyamba, ndipo utuluke pakamwa

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mavidiyo athu amasiyana ndi a anthu ena.

Dziko lino lili ndi malamulo pa nkhaniyi. Bungwe la Advertising Regulatory Board, limene linayamba ntchito mu 2018, lili ndi ndondomeko ya otsatsa malonda, ndipo muli gawo lapadera la masamba a mchezo. Mfundo yake ndi yoti malonda azioneka kuti ndi malonda, ndipo amene walipidwa, kaya ndi ndalama kaya ndi katundu, aziika chizindikiro choonekeratu monga `#Ad`, `#Advertisement` kapena `#Sponsored`. Munthu wamba angathe kukadandaula kubungweli osalipira kanthu, ndipo zigamulo zake zimaikidwa poyera, maina ndi onse. Palinso lamulo la boma loteteza ogula, Consumer Protection Act, la nambala 68 la chaka cha 2008. Gawo 41 la lamuloli limaletsa kunamiza wogula, kukokomeza zinthu, kuyankhula mozungulira mpaka munthu n'kumva zolakwika, komanso kubisa mfundo yofunika. Silimanga wogulitsa yekha, limatchulanso munthu amene akuchita zinthu m'malo mwa wogulitsayo. Mukamayankhula pa vidiyo imene shopu yalipira, ganizirani kuti munthu ameneyo ndi inu.

Nawo masamba amene timaikapo mavidiyo ali ndi mabatani ake. Pa YouTube, mukamakweza vidiyo, pali bokosi la `Paid promotion` loti muchonge, ndipo woonera amaona mawu akuti `Includes paid promotion` vidiyo ikamayamba. Pa TikTok mumayatsa `Disclose commercial content` n'kusankha `Branded content`, ndipo vidiyo imatuluka ndi chizindikiro cha `Paid partnership`. Instagram nayo ili ndi chizindikiro cha dzina lomwelo. Mabataniwa amasunthidwasunthidwa pulogalamu ikasinthidwa, koma amakhalapo. Adinizeni nthawi zonse.

Koma taganizani ulendo umene vidiyo ya Mmalawi imayenda. Wina amaitsitsa pa TikTok, n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la anthu a kwawo, kuchoka apo ikafika pa sitetasi ya achemwali ena ku Lilongwe, kenako pa foni ya amalume kumudzi. Paulendo wonsewo chizindikiro cha `Paid partnership` chimatsala pa TikTok. Mawu amene munalemba pansi pa vidiyo nawo amatsala komweko, pamodzi ndi `#Ad` yanu. Chimene chimafika kwa amalume ndi nkhope yanu ndi mawu anu basi. Ndipo ngakhale `#Ad` ikanafika, ndi angati mwa oonera anu amene angadziwe kuti zilembo ziwirizo zikutanthauza kuti mwadya ndalama? Ndiye ngati vidiyo ili m'Chichewa, kuulula kukhalenso m'Chichewa, kutuluke pakamwa panu, komanso kulembedwe pa chithunzi penipeni kuti kuziyenda ndi vidiyoyo kulikonse.

Kukhale koyambirira, m'masekondi asanu oyamba, musanatame kalikonse. Anthu ambiri safika kumapeto kwa vidiyo, choncho kuulula kwa kumapeto kumamvedwa ndi ochepa, pomwe kutama kwa kumayambiriro kwamvedwa ndi onse. Ena amaopa kuti akayamba ndi mawu amenewa anthu athawa. Yankho lake n'kulumikiza kuulula ndi chokopa mu mpweya umodzi:

"Abale anga, a shopu iyi andilipira ndipo andipatsa pawabanki iyi ulere kuti ndiiyese. Akuti imatchaja foni kasanu ndi kamodzi. Tiyeni tione ngati zili zoona."

Mzere umenewu sutenga nthawi yaitali, ndipo woonera ali ndi chifukwa chodikirira.

Samalani ndi mawu aulemu amene amamveka ngati kuulula pomwe sakuulula kanthu. Ife timakonda kuthokoza, ndiye timati "zikomo kwambiri kwa abwana athu a shopu yakuti", kapena "tili limodzi ndi anzathu awa", kapena "awa ndiye amatiganizira". Woonera akamva zimenezi amangoti mwana waulemu uyu. Sadziwa kuti pali R600. Choipitsitsa ndi chija choti "ndimangodutsa m'tauni ndiye ndakumana ndi kanthu aka", pomwe munaitanidwa. Limenelo ndi bodza lenileni, ndipo ndi limene limapweteka kwambiri likadziwika, chifukwa Amalawi a ku Joni timadziwana, ndipo wogwira ntchito m'shopumo mwina ndi wa kwanu. Njira yoyesera mzere wanu ndi yosavuta: uwerengereni munthu wamkulu amene sadziwa za mavidiyo, mum'funse kuti wamva chiyani. Akapanda kunena yekha kuti "akulipira", mzerewo sunagwire ntchito. Pali mawu atatu amene sasokoneza munthu: andilipira, andipatsa ulere, ndimadyapo.

Pa chithunzi lembani mawu ochepa, monga "Malonda: andilipira", ndi zilembo zowerengeka pa foni yaing'ono. Musawaike pansi penipeni kapena m'mbali ya kumanja, chifukwa pa TikTok ndi pa Instagram malo amenewo amaphimbidwa ndi dzina lanu ndi mabatani. Aikeni chakumtunda, kutsikako pang'ono. Ine ndimaona kuti ndi bwino mawuwa akhalepo vidiyo yonse ngati ili yaifupi, chifukwa mwini shopu kapena munthu wina angadule masekondi oyamba n'kufalitsa zotsalazo. Pa mawu a pansi pa vidiyo, chizindikiro chikhale poyamba, osati kumapeto kwa mulu wa mahashitagi kumene munthu amayenera kudina kuti awerenge:

```
#Ad Andilipira komanso andipatsa pawabanki iyi. Mukagula ndi khodi yanga ndimapeza R20.
```

Chachitatu, gawani zonena zanu patatu

Tsopano tengani mizere ija ya mwini shopu. Pambali pa mzere uliwonse lembani kuti ukuchokera kuti. Pali magwero atatu okha: zimene mwayesa nokha, zimene zalembedwa pabokosi kapena zimene wogulitsa wanena, ndi maganizo anu. Gwero lililonse lili ndi kayankhulidwe kake. Zoyesa nokha mumati "pa foni yanga ndapeza". Za pabokosi mumati "bokosi likuti" kapena "a shopu akuti". Maganizo mumati "kwa ine". Chinyengo chochuluka m'mavidiyo otere sichikhala bodza lopeka, chimakhala kutenga mawu a pabokosi n'kuwayankhula ngati mwawaona ndi maso. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo woonera wanu wakutumani inu kuti mukamuonere.

Tiyambe ndi mzere wa kasanu ndi kamodzi, chifukwa umenewu mungautsutse musanalumikize n'komwe chingwe. Foni zambiri zimene tili nazo masiku ano zili ndi batire la 5000mAh. Ngakhale mutagawa mwachibwana, 20000 kugawa ndi 5000 ndi kanayi, osati kasanu ndi kamodzi. Koma ngakhale kanayi sikatheka. Nambala ya 20000mAh ndi ya mabatire a m'kati mwa pawabanki, amene amagwira ntchito pa mavoti 3.7. Kuti moto utuluke pa chingwe, pawabanki imaukweza kufika pa mavoti 5 kapena kuposa, kenako foni imautsitsanso kuti ulowe m'batire lake. Pokweza ndi potsitsa ponse moto wina umasanduka kutentha, n'chifukwa chake zonse ziwiri zimafunda potchaja. Masamu ake ndi awa, ndipo Wh ndi muyeso wa moto wonse umene uli m'batire:

```
20000mAh x 3.7V = 74Wh   (pawabanki)
5000mAh x 3.85V = 19Wh   (foni)
74 / 19 = 3.9            (popanda kutaya moto)
```

Kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika panjira. Choncho pawabanki yabwinobwino ya 20000mAh imadzaza foni yotere kawiri ndi theka, ikachita bwino katatu. Imeneyo si pawabanki yachinyengo, ndi mmene zinthuzi zimagwirira ntchito. Opanga ena amalemba okha nambala yachiwiri m'tizilembo ting'onoting'ono kumbuyo, pa mawu akuti `Rated capacity`, ndipo mumapeza ili pafupi ndi 12000mAh. Itembenuzeni muyang'ane. Ngati ilipo, ionetseni pa kamera.

Nanga kasanu ndi kamodzi kachokera kuti? Mwina anayesera pa foni yakale ya batire laling'ono, mwina angolemba. Si ntchito yanu kuwateteza. Ntchito yanu ndi kuyesa, ndipo kuyesa kwake sikufuna chipangizo. Dzazani pawabanki mpaka magetsi ake onse ayake. Dikirani foni yanu itsike kufika pa 10 peresenti, muijambule sikirini ndi foni ya mnzanu, muilumikize, ndipo musaigwiritse ntchito mpaka itadzaza. Mukamaonera mavidiyo uku ikutchaja, nambala zanu ziwonongeka. Ikadzaza jambulaninso, mulembe kuti yalowa 90. Musaitchajenso pawabankiyo. Foni ikatsikanso, bwerezani ndi chingwe chomwecho, mpaka tsiku limene pawabanki idzazime yokha. Tiyerekeze kuti ulendo woyamba yalowa 90, wachiwiri 90, wachitatu yathera pa 85 peresenti, kutanthauza kuti yalowa 75. Kuphatikiza ndi 255, ndiye kuti kawiri ndi theka. Zimenezi zimatenga masiku angapo, choncho musalonjeze mwini shopu kuti vidiyo ituluka mawa.

Mzere wanu tsopano ukhala wotere: "Pa foni yanga ya batire la 5000mAh, yadzaza kawiri ndi theka. Ngati foni yanu ili ndi batire laling'ono, ipitirira apo." Taonani kuti nambalayo yabwera ndi foni yake. Nambala yopanda foni ndi imene imanamiza, chifukwa aliyense amaiika pa foni yake.

Mukapeza kuti yadzaza kamodzi kokha n'kuzima, nkhani yasintha. Apo ndiye kuti m'katimo mulibe 20000mAh imene yalembedwa. Chizindikiro china ndi kulemera: pawabanki yeniyeni ya kukula kumeneku imalemera ndithu m'dzanja, nthawi zambiri magalamu 350 kapena kuposa, ndiye kanthu kopepuka ngati sopo wotha kolembedwa manambala akuluakulu n'kokayikitsa. Zikatero muuzeni mwini shopu zimene mwapeza. Mwina nayenso anapusitsidwa ndi amene anamuoda. Koma vidiyo yoitama musajambule, ngakhale zitatanthauza kubweza R600.

Mzere wa kutchaja mwachangu ndi wa mtundu wina: ungakhale woona kwa wina, wabodza kwa wina. Bokosi likalemba 22.5W, imeneyo ndi mphamvu yapamwamba imene pawabanki ingatulutse pa doko limodzi, ngati foni ikugwirizana nayo ndipo chingwe chili choyenera. Foni imene siilandira mphamvu yotere imatchaja pa liwiro lake la masiku onse. Mukalumikiza mafoni awiri nthawi imodzi, zambiri zimatsitsa liwiro. Ndiye musanene kuti "imatchaja mwachangu" n'kusiyira pomwepo. Yesani mphindi 30, muone peresenti imene yalowa, munene imeneyo, n'kuwonjezera kuti bokosi likuti 22.5W koma zimadalira foni ndi chingwe.

Mizere iwiri yotsalayo sitenga nthawi. "Yabwino kuposa zonse mu South Africa" ichotseni, chifukwa simunayese zonse, ndipo ndondomeko ya otsatsa malonda imafuna kuti chilichonse chimene chingayezedwe chikhale ndi umboni musanachinene. Ngati mwaikonda, nenani kuti mwaikonda, ameneyo ndi maganizo ndipo palibe angakutsutseni. Musatchulenso dzina la mtundu wina n'kuunyoza pomwe simunauyese. "Imakhala zaka" nayo ichoke, popeza mwakhala nayo sabata imodzi. Mabatire otere amafooka pang'onopang'ono akamatchajidwa, ndipo za chaka chamawa simungaziwone lero. Nenani nthawi imene mwakhala nayo, basi.

Kenako onjezerani chinthu chimene mwini shopu sanalembe: choperewera chimodzi chenicheni. Osati chongopeka kuti muoneke achilungamo, monga kudandaula za mtundu wa bokosi. Pa pawabanki yaikulu choperewera chimene chimakhudza anthu ndi nthawi yoidzaza. Ndi tchaja wamba ya 10W, kudzaza 74Wh kumatenga maola oposa asanu ndi awiri, kunena zoona usiku wonse. Kwa amene akuitumiza kumudzi kumene amatchajitsa pa sola ya pagolosale, mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa zonse zimene mwanena.

Chachinayi, mtengo, khodi ndi galanti

Mtengo unenedwe ndi nthawi yake, "lero ili pa R350", chifukwa vidiyo imazungulira miyezi. Musanene kuti mtengo watsitsidwa kuchoka pakutipakuti ngati simunaone ukugulitsidwa pa mtengo wakalewo, ndipo musanene kuti zatsala zochepa pomwe munaona makatoni ali mulu. Khodi ikafika, ululaninso pomwepo kuti mumadyapo, ngakhale munanena kale kumayambiriro kuti akulipirani. Ndi zinthu ziwiri zosiyana: malipiro aja munalandira kale, koma komishoni ikutanthauza kuti mukufuna munthuyo agule.

Pa galanti samalani kwambiri. Mashopu ena amauza ogula kuti katundu akatuluka sabwezedwa, kapena kuti galanti ndi ya masiku asanu ndi awiri. Musabwereze mawu amenewo ngati kuti ndi lamulo. Gawo 56 la lamulo loteteza ogula lija limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu amene wapezeka ndi vuto, ndipo wogulayo ndi amene amasankha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Uzani anthu asunge lisiti. Muwauzenso zoona zake za ife otumiza katundu kumudzi: pawabanki ikakafera ku Nkhotakota, kuibweza ku Joni kungadye ndalama yoposa mtengo wake, choncho aiyese kuno isanakwere basi.

Chachisanu, ikani zonse pamodzi ndipo muwerenge mokweza

Zonena za vidiyo ya mphindi imodzi ndi masekondi ochepa zingaoneke motere. Kumanzere kwa pepala lembani zimene kamera ikuonetsa, kumanja zimene mukunena.

Nkhope yanu, pawabanki m'dzanja, mawu a "Malonda: andilipira" ali pa chithunzi: "Abale anga, a shopu iyi andilipira ndipo andipatsa pawabanki iyi ulere kuti ndiiyese. Akuti imatchaja foni kasanu ndi kamodzi. Tiyeni tione."

Kamera pa bokosi, kenako kumbuyo kwa pawabanki: "Bokosi likuti 20000mAh. Dziwani kuti moto wonsewo sufika mu foni, wina umathera panjira. Zili choncho ndi pawabanki iliyonse."

Zithunzi za sikirini ya foni, chimodzi pambuyo pa chinzake: "Foni yanga ili ndi batire la 5000mAh. Kuchoka pa 10 kufika pa 100, kamodzi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu yathera pa 85. Ndiye pa foni yanga ndi kawiri ndi theka, osati kasanu ndi kamodzi."

Foni ili pa chingwe: "Pa mphindi 30 yalowa mapesenti awa mukuwaonawa. Kwa inu zidalira foni ndi chingwe chanu."

Nkhope yanunso: "Chimene sindinakonde, kuidzaza ndi tchaja wamba kumafuna usiku wonse, ndipo ndi yolemera m'thumba. Ndakhala nayo sabata imodzi yokha, ndiye za kulimba kwake sindinganene. Iyi ndi imene anandipatsa, inu yesani yanu mukagula. Kwa ine, pa R350 ya lero, ndi yoyenera kwa munthu amene amakhala tsiku lonse kuntchito kopanda potchajira. Mukatchula khodi yanga akuchotserani, ndipo ine ndimapezapo R20. Sungani lisiti."

Mawu akuti "iyi ndi imene anandipatsa" musawadumphe. Katundu wopatsidwa kwa wojambula nthawi zina amachita kusankhidwa, ndipo simungalumbire kuti zonse za m'katoni zili chimodzimodzi. Amene ali ndi ndalama yapadera amachita bwino kutuma mnzake akagule ina mwakachetechete n'kuyesa imeneyo.

Werengani pepalalo mokweza uku mukuyang'ana wotchi. Likatalika, dulani malonje ndi kubwereza, osati kuulula kapena choperewera chija. Kenako pitani mzere ndi mzere n'kumadzifunsa kuti, munthu atandiimitsa pa Park Station n'kundifunsa umboni wa mawu awa, ndimuonetsa chiyani? Mzere umene ulibe chithunzi, bokosi kapena mawu akuti "kwa ine" kumbuyo kwake, uchotseni. Chithunzi nacho chisanamize: musalumikize zidutswa mwa njira yoti foni izioneka ngati yadzaza m'kanthawi kochepa. Ngati mwathamangitsa vidiyo, onetsani wotchi.

Mwini shopu akaona pepalalo

Kawirikawiri adzadandaula pa zinthu ziwiri: nambala yatsika kuchoka pa sikisi kufika pa ziwiri ndi theka, ndipo mwatchula choperewera. Musakangane naye za chilungamo, muonetseni masamu aja ndi zithunzi. Mukumbutseni kuti wogula amene walonjezedwa kasanu ndi kamodzi n'kupeza kawiri amabwerera kukauntala ali wolusa, ndipo lamulo lili kumbali yake, pomwe amene anauzidwa kawiri ndi theka n'kupeza zomwezo alibe chobwerera. Angakonze dzina, mtengo ndi malo. Angapemphe kuti muonetse mbali ina imene munaiwala, monga tochi kapena madoko awiri, ndipo ngati ilipodi palibe choletsa. Zimene mwayeza ndi mzere woulula sizikambirana.

Mukadula vidiyo yaitali kukhala tizidutswa ta pa sitetasi, kachidutswa kalikonse kakhale ndi kuulula kwakekwake, chifukwa amene akuona kachitatu sanaone koyamba. Pa vidiyo ya pompopompo bwerezani mawuwo nthawi ndi nthawi, popeza anthu amalowa ndi kutuluka.

Njira yonseyi imagwira pa zinthu zimene mungayese nokha: mafoni, masipika, mbaula, mawigi, nsapato. Pa mankhwala, mafuta oyeretsa khungu, tiyi wochepetsa thupi ndi nkhani zoika ndalama kuti zichuluke, kuulula kokha sikukutetezani. Zimenezo zili ndi malamulo akeake okhwima, ndipo kunena kuti chinthu chimachiza matenda si mawu amene mungawatsimikize ndi foni ndi wotchi. Ntchito zotere ine ndingakulangizeni kuzikana.

Vidiyo ikatuluka, sungani pamalo amodzi uthenga wa mgwirizano, zithunzi za sikirini ndi pepala la zonena zanu, ndipo pitirizani kuigwiritsa ntchito pawabankiyo. Ikadzayamba kufooka msanga, kutentha modabwitsa kapena kufufuma pakatha miyezi iwiri, lekani kuigwiritsa ntchito, muuze mwini shopu, ndipo mujambule kavidiyo kena konena zimene zachitika, n'kukaika pamalo omwe munaika yoyamba ija. Ngati vuto lake ndi la kufufuma kapena kutentha, yoyambayo ichotseni ndithu, ndipo khodi ija muleke kuifalitsa.